Tebulo la hashi silidziwa kuti ndani akutsatira ndani

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe, musanasankhe posungira deta dzifunseni ngati mudzafuna zinthu mwandondomeko.

Ndinasunga malisiti a shopu ina ku Area 25 mu `HashMap` ya Java. Kupeza lisiti imodzi ndi nambala yake kunali kwachangu zedi. Tsiku lomwe eni ake anafuna malisiti oyambira 4000 kufika 4500, pulogalamu inayamba kufufuza tebulo lonse kenako n'kusanja, chifukwa hashi imamwaza makiyi.

Ndinasinthira ku `TreeMap`, mtengo wosapendekera mbali imodzi. Pa malisiti miliyoni, umatsika masitepe pafupifupi 20 kuti upeze 4000, kenako `subMap` imangoyenda motsatana.

Pa memore musayembekezere kupulumutsa. Mfundo iliyonse ya mtengowu imasunga zolozera zitatu, kumanzere, kumanja ndi kwa kholo, pomwe `HashMap` imakulitsa tebulo kawiri ikadzaza kupitirira magawo atatu mwa anayi.