Chenjerani ndi gawo loyamba la indakishoni

Ambiri amathamangira gawo lachiwiri n'kuiwala loyamba, koma pamenepo m'pamene pamagona vuto. Indakishoni, njira ya m'masamu yotsimikizira kuti mfundo ndi yoona pa manambala onse owerengera, ili ngati makwerero: muyenera kuonetsa kuti mungaponde poyambira penipeni, kenako kuti mukaponda pa nambala iliyonse k mungafike pa k+1.

Tiyeni titsimikize kuti 1 + 3 + 5 + ... + (2n−1) = n². Pamene n = 1, mbali zonse ziwiri zikupereka 1, ndiye taponda. Tsopano tingoyerekeza kuti zikuyenda pa k, ndipo tiwonjezere nambala yotsatira, 2k+1. Tikupeza k² + 2k + 1, yomwe ndi (k+1)². Tamaliza.

Koma taonani ichi. Wina atanena kuti yankho ndi n² + 5, gawo lachiwiri liyendabe bwinobwino, chifukwa k² + 5 kuwonjezera 2k+1 kukupereka (k+1)² + 5. Chimene chikugwira bodzali ndi gawo loyamba lokha: 1 si 6.

China chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: mukamaliza, fufuzani pamene mwagwiritsa ntchito zomwe munayerekeza za k. Ngati palibe, mwina mwangolemba za k+1 ngati zoona kale, musanazitsimikize.