Momwe mungasankhire zilembo za pa khadi yaukwati kuti ikongole koma iziwerengeka

Khadi yaukwati imakhala ndi mawu a mitundu iwiri. Pali mayina a akwati, omwe anthu oitanidwa amawadziwa kale, ndipo pali tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya foni, zomwe munthu ayenera kuwerenga osaphonya ndi chilembo chimodzi chomwe. Zilembo zopindikapindika zonga zolemba pamanja zimayenera gulu loyambalo basi. Tiyeni titenge chitsanzo cha khadi ya Chikondi ndi Tadala, ya saizi ya A6, yomwe ndi mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali.

Choyamba, sankhani mafonti awiri okha, ndiye kuti mitundu iwiri ya zilembo. Yoyamba ndi yokongoletsa mayina. Pa Google Fonts mupeza Great Vibes, Allura ndi Alex Brush zaulere, ndipo makompyuta ambiri okhala ndi Microsoft Word ali ndi Edwardian Script ITC. Yachiwiri ikhale yoongoka, monga EB Garamond kapena Lato, yolembera zina zonse. Ine ndimakonda Great Vibes ndi EB Garamond chifukwa yachiwiriyi siilimbirana maso ndi mayina. Mukaika mafonti awiri opindika pa khadi imodzi, diso limasowa poyambira.

Chachiwiri, ndipo apa m'pofunika kudekha, yesani fontiyo ndi mayina enieni a anthu anu. Zitsanzo za pa intaneti zimaonetsa mayina achingerezi afupiafupi, pomwe athu ali ndi zilembo zounjikana monga Mkh, Nkh, Mph ndi Ntch. M'mafonti opindika, m, n, w ndi u zikatsatizana zimangooneka ngati mafunde, ndiye dzina la Mwamunyamu kapena Nkhwazi limatha kusokonekera. Yang'ananinso chilembo chachikulu choyambira dzina: T wa Tadala amatha kufanana ndi J kapena F, ndipo C wa Chikondi nthawi zina amakhala ngati G. Ngati banja limalemba dzina lake ndi ŵ, tayipani chilembocho muone. Fonti ikakhala kuti ilibe, pamatuluka kabokosi kapena ŵ wa mtundu wina wosiyana ndi zilembo zinzake. Chimodzimodzi kachizindikiro ka mu ng', monga pa dzina la Ng'oma, kamene m'mafonti ena kamabisala m'michira ya zilembo. Dzina la banja la eni likawerengeka molakwika, akuluakulu amadandaula, ndipo m'pomveka.

Musalembe fonti yopindika m'zilembo zazikulu zokhazokha, komanso musatalikitse mpata pakati pa zilembo zake. Zinapangidwa kuti zizigwirana, ndiye mukazitalikitsa timichira tolumikizira timaduka.

Chachitatu ndi kukula kwa zilembo. Pa A6, yambani ndi mapointi 30 kufika 36 pa mayina, Chikondi pamzere wake, Tadala pamzere wake. Tsiku ndi malo zikhale pa 12, mawu ena pa 11, ndipo musatsike kupitirira 10. Mawu akakana kukwana, musachepetse zilembo. Dulani mawuwo, kapena vesi ndi mayina a makolo zipite kuseri kwa khadi, apo ayi gwiritsani A5, ya mamilimita 148 ndi 210.

Manambala ayeseni paokha. Tayipani 0 mpaka 9 ndipo muone ngati 1 sakufanana ndi 7 kapena I, komanso ngati 0 sakuoneka ngati o. Nambala ya wapampando wa komiti, kapena ya Airtel Money ndi Mpamba yolandirira mphatso, ilembedwe ndi fonti yoongoka, yogawidwa timagulu ta manambala atatu kapena anayi. Tsiku lilembedwe ndi dzina la mwezi komanso kuti ndi Loweruka.

Za mtundu ndinene mosabisa: zilembo zagolide pa pepala lotuwira zimakongola pa kompyuta, koma pulinta wamba satulutsa golide wonyezimira, amatulutsa chikasu chofooka momwe timizere topyapyala timazimirira. Golideyo asiyireni mayina ndi maluwa a m'mphepete. Zina zonse zikhale zakuda, zabuluu woderako kapena zobiriwira moderako.

Musanasindikize makhadi onse, tulutsani imodzi pa saizi yake yeniyeni. Ipatseni agogo kapena ankhoswe amene sanaione, awerenge mokweza madzulo pa kuwala kwa m'nyumba. Pomwe adodoma kapena kuyandikitsa khadi kumaso, pamenepo kulitsani zilembo kapena sinthani fonti. Dzitumizireninso khadiyo pa WhatsApp ndi kuiwerenga pa foni yaing'ono osaikulitsa ndi zala, chifukwa chithunzi chimachepetsedwa potumiza ndipo timizere tating'ono timafufutika.

Popita kwa osindikiza, tengani khadiyo ili mu PDF, osati mu Word. Kompyuta yawo ikakhala ilibe Great Vibes, Word imaikapo fonti ina mwakachetechete ndipo mizere imasuntha. Pemphani akutulutsireni imodzi pa pepala lenilenilo, muifananitse ndi yanu, kenako muwalole apitirize.