Momwe mungapezere malipiro oti muwatchule kuti K600,000 izilowa m'thumba

Abwana akafunsa pa intavyu kuti "mukufuna tizikulipirani zingati?", ambiri timatchula ndalama imene tikufuna kuiona ku banki. Koma iwo amalemba nambalayo ngati malipiro asanadulidwe. Mwezi ukatha, msonkho wa PAYE ndi penshoni zadyapo kale, lendi yayamba kuvuta. Nambala yoyenera kutchula imapezeka powerengera chobwerera m'mbuyo.

Choyamba, khalani ndi magawo a msonkho pafupi. Pano ndigwiritsa ntchito omwe adayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa msonkho, kuchokera pamenepo kufika K500,000 ankadula 25 peresenti, kuchokera apo kufika K2,550,000 ankadula 30 peresenti, ndipo yopitirira apo 35 peresenti. Magawowa amasintha ndi bajeti, choncho tengani atsopano ku MRA musanayambe. Njira yake ndi yomweyi. Penshoni, lamulo limati wantchito azipereka yosachepera 5 peresenti ndipo olemba ntchito 10 peresenti. Ya abwanayo musaiwerengere, sichoka pa malipiro anu. M'chitsanzo chathu msonkho ndi penshoni zonse zikuwerengedwa pa malipiro athunthu.

Chachiwiri, pezani gawo limene mugweremo. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa magawo a msonkho amayang'ana malipiro asanadulidwe, pomwe inu muli ndi nambala ya m'thumba yokha. Ndiye yesani malire a gawo lililonse. Wolandira K500,000 ndendende amadulidwa 25 peresenti ya K350,000, yomwe ndi K87,500, komanso penshoni ya K25,000. Amatsala ndi K387,500. Wolandira K2,550,000 amatsala ndi K1,720,000. K600,000 imene tikufunayi ili pakati pa ziwirizi, ndiye kuti tili m'gawo la 30 peresenti.

Tsopano onani imene ikupereweza. K500,000 yoyamba yatipatsa kale K387,500, ndiye kuti ifike K600,000 pakusowa K212,500. Pa K100 iliyonse yopitirira K500,000, msonkho utenga K30, penshoni K5, inu mutsala ndi K65. Choncho yosowayo tiigawe ndi 0.65, kenako tiiphatikize ku malire aja:

```
212,500 / 0.65 = 326,923
500,000 + 326,923 = 826,923
```

Kwa abwana mungotchula K827,000.

Musalekere pomwepo, yesani yankholo. Pa K827,000, yopitirira K500,000 ndi K327,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K98,100. Kuphatikiza ndi K87,500 ija, msonkho wonse ndi K185,600. Penshoni ndi K41,350. Mukachotsa zonsezi mutsala ndi K600,050. Ikasiyana kwambiri ndi imene mumafuna, kawirikawiri ndiye kuti mwasankha gawo lolakwika.

Pali njira ziwiri zachidule zimene zimapweteketsa anthu. Ena amangowonjezera 35 peresenti pa K600,000 n'kupeza K810,000. Wolandira K810,000 amapita kwawo ndi K589,000, kutaya K11,000 mwezi ndi mwezi. Ena amagawa K600,000 yonse ndi 0.65 n'kupeza K923,077, kuiwala kuti ndalama zoyambirira zija sizidulidwa 30 peresenti. Mukatero mwapitirira ndi ndalama pafupifupi K96,000, ndipo mungathe kuoneka odula kuposa anzanu ofunsira ntchito yomweyo.

Chimene ndimaumiriza aliyense kufunsa ku ofesi ya malipiro asanasaine ndi ichi: kodi penshoni mumadula pa ndalama yonse, kapena pa malipiro enieni okha opanda maalawansi? Yankho lake limasintha nambala. Tinene kuti malipiro enieni ndi K600,000 ndipo ina yonse ibwera ngati alawansi yodulidwa msonkho. Apa penshoni yaima pa K30,000, sikukwera. Ndiye mukufunika K630,000 msonkho utachoka. Pa K500,000, msonkho wokha ukachoka pamatsala K412,500, kutanthauza kuti pakusowa K217,500. Igaweni ndi 0.70, popeza tsopano ndi msonkho wokha umene ukudya pa K100 iliyonse, mupeza K310,714. Zonse pamodzi ndi K810,714. M'thumba mukulowa yofanana, koma ku thumba la penshoni kukupita yochepa, yanu ndi ya abwana yomwe.

Ngati pa peyisilipi padzakhalanso ngongole, SACCO kapena sikimu ya chipatala, ziphatikizeni ku K600,000 musanayambe kuwerengera. Wobweza K40,000 pamwezi ayambire pa K640,000: yosowa ikhala K252,500, kuigawa ndi 0.65 ikupereka K388,462, ndipo nambala yotchula kwa abwana ndi K888,500.