Momwe mungadziwire galimoto yomwe inamirapo m'madzi osefukira

Namondwe Freddy atasakaza Blantyre mu Malichi 2023, magalimoto ambiri anamira m'matope, ndipo galimoto yotere ikatsukidwa bwino imatha kubwereranso pamsika. Mphunzitsi wina wachitsikana, yemwe anali atangolandira ndalama za chipereganyu, anapeza Toyota Vitz yotchipa modabwitsa, penti ikuchita kunyezimira. Asanalipire anaitana makaniko wa m'dera lawo. Zomwe makanikoyo anachita, inunso mungathe kuchita.

Yambani ndi mphuno. Tsekani zitseko ndi mawindo kwa mphindi zingapo, kenako lowani mununkhize. Fungo la chinyontho ndi chuku silichoka msanga, n'chifukwa chake ogulitsa ena amathira perefyumu wambiri. Mu Vitz ija perefyumu ankachita kutsamwitsa.

Kenako kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kwenikweni. Apa ndi pomwe otsuka amaiwala, chifukwa mbali yaikulu ya lambayo imakhala itakulungika mkati mwa khoma la galimoto. Makaniko uja atakoka, kumapeto kunatuluka mzere wofiirira wa matope ouma.

"Aphunzitsi, taonani apa," anatero. "Mkati muno mvula sifikamo. Madzi anakwera mpaka kufika pa lambayu."

Mukatero tukulani kapeti, mugwire siponji ya pansi pake. Pamwamba pamauma msanga, koma siponjiyo imasunga chinyontho nthawi yaitali. Yang'anani mabawuti omangira mipando ndi njanji zomwe mpando umayendapo: dzimbiri m'malo amenewa si lachibadwa. Kubuti chotsani tayala la sipeya, muone ngati m'dzenje mwake muli mchenga wosalala.

Oyilo wa injini akamaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti munalowa madzi. Koma akakhala woyera musasangalale, chifukwa kusintha oyilo sikutenga nthawi.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zamagetsi, poti vuto lake silionekera tsiku logula. Madzi akalowa m'mapulagi a mawaya, mkuwa umadyeka pang'onopang'ono n'kuchita zobiriwira, ndipo patapita miyezi mawindo, mabuleki a ABS kapena eyabagi, thumba la mpweya loteteza munthu pa ngozi, zimayamba kuvuta. Choncho tsegulani bokosi la mafyuzi, muwalitse tochi pa mapulagi a pansi pa mipando. Kenako tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali ya eyabagi ya pa dashibodi iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaichotsa kuti abise vuto. Ya mu Vitz ija sinayake, ndipo mphunzitsi uja anabwerera kwawo ndalama zake zili m'chikwama.

Ngati mukuitanitsa galimoto ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni, ndipo wodziwa Chijapani akuwerengereni. Yomwe inamirapo amailemba kuti 冠水.