"Inde" wa amalume anali wa nkhuku

Gulu lathu la pa WhatsApp lokonzekera ukwati wa mchemwali wanga linali ndi anthu 46, ndipo nkhani za zakudya, galimoto ndi nsalu zinkangolowana. Tsiku lina ndinafunsa amalume ngati alipira minibasi. Nthawi yomweyo azakhali anafunsa ngati nkhuku zagulidwa. Amalume anangolemba kuti "Inde, zatheka." Mtima wanga unakhala pansi, osadziwa kuti ankayankha za nkhuku. Mwini minibasi anandiimbira kutatsala masiku awiri, kuti ndalama sanazione.

Usiku womwewo ndinapempha kuti poyankha, aliyense azikokera uthengawo kumanja ndi chala. Ukatero funso limaoneka pamwamba pa yankho lako, ndipo ukadina pafunsopo foni imakubwezera pa uthenga woyambawo. Nkhani ya galimoto umaitsata ngati chingwe, za nsalu osaziwerenga n'komwe. Azakhali ndinachita kuwagwira chala pa foni yawo, ndipo poyesa kachiwiri anakhoza okha.

Ntchito ikakhala ya munthu mmodzi, timalemba `@` n'kusankha dzina lake pa mndandanda umene umatuluka. Foni yake imamudziwitsa ngakhale atatseka phokoso la gulu. Koma ukangolemba dzina pamanja osalisankha, sizigwira. Umazindikira poona kuti dzinalo silinasinthe mtundu.

Chimene chinativutabe n'chakuti ena ankaunjika mafunso atatu mu uthenga umodzi, ndiye "inde" ankasokonezabe. Tinagwirizana kuti funso lililonse lizikhala ndi uthenga wakewake.