Sensa ikachedwa, musawonjezere Fanta ina

Chiyambireni kupalira chaka chino, kuchipatala kwathu kwabwera anthu angapo odwala matenda a shuga atavala kuseri kwa mkono kachipangizo kozungulira koyeza shuga, kotchedwa sensa, kamene ana awo akuwatumizira kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande. Ndikatsegula foni zawo kuti ndione mmene shuga wayendera, ndikupeza chithunzi chofanana: mzere watsika cha m'mawa, wakwera ngati phiri masana, wagweranso pansi madzulo. Amene akumanga phiri limeneli ndi mwini sensayo, chifukwa chosadikira mphindi 15.

Ambiri mukuitenga sensa ngati makina obayira chala aja, mwina kusiyana kwake n'kwakuti siipweteka. Ayi. Makina obayira chala amayeza magazi. Sensa siyeza magazi. Pansi pake pali kaulusi kofewa, kotalika pafupifupi mamilimita 5, kamene kamakhala pansi pa khungu, m'madzi amene amazungulira maselo a thupi. Ndi madzi oyera aja amene mumawaona m'thuza khasu likakutupitsani m'manja. Pa kaulusiko pali mankhwala amene akakumana ndi shuga amatulutsa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndipo mphamvu imeneyi ndi imene imasanduka nambala pa foni.

Tsono shuga amayamba walowa m'magazi, kenako n'kumadutsa pang'onopang'ono m'timitsempha tating'ono kupita m'madzi aja. Ulendo umenewu, pamodzi ndi kuwerengera kwa sensayo, umatenga mphindi 5 mpaka 15. Shuga akakhala phee, monga m'bandakucha musanadye, magazi ndi sensa zimanena zofanana kapena zoyandikana. Koma akamathamanga, pokwera kapena potsika, sensa imakuuzani zimene magazi anali nazo kanthawi kapitako.

Bambo wina, mlimi wa chimanga ndi mtedza amene amadzibaya insulini, anabwera atakwiya, ati ndimuuze mwana wawo asiye kuwononga ndalama pa chinthu chabodza. Tinakhala pansi n'kuyang'ana tsiku limodzi lokha. Cha m'ma 10 koloko ali m'munda, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili chuchuchu. Sensa inati 68 mg/dL, kamuvi ka pa foni kosonyeza ngati shuga akukwera kapena kutsika kataloza pansi. Anamwa theka la botolo la Fanta, ndipo pamenepo anachita bwino kwambiri. Patapita mphindi 5 anayang'ananso: 61. Mantha anawagwira, namaliza botolo lonse. Mphindi 5 zina: 59. Anakuwira mayi a kunyumba, amene anathamanga ndi chikho cha thobwa lothira shuga ndi nthochi ziwiri. Pofika 11:30 sensa inali pa 290. Ataona nambala imeneyo anabaya insulini yowonjezera, pamwamba pa ya m'mawa imene inali ikugwirabe ntchito, ndipo cha m'ma 3 koloko anali atagona pansi pa mtengo wa mango, akunjenjemeranso.

Thupi lawo limafuna magalamu 15 a shuga. Iwo analipatsa pafupifupi 100. Pamene sensa imanena 59, theka loyamba lija linali litayamba kale kulowa m'magazi, kungoti uthenga unali usanafike ku kaulusi. Tsiku lopalira linatayika, ganyu amene anamulemba anagwira yekha, ndipo chikanachitika n'choopsa kuposa apo akanakhala okha m'munda madzulo aja.

Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati, "Ndiye zili ngati chitsime cha kudimba kwanga. Mtsinje ukadzaza lero, chitsime chimakwera mawa. Mtsinje ukaphwa, chitsime chimakhalabe ndi madzi." Ndinawauza kuti andiposa kufotokoza. Mbali yachiwiri imene ananenayo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Pa sensa ya FreeStyle Libre, kamuvi koloza pansi penipeni kamatanthauza kuti shuga akutsika ndi 2 mg/dL kapena kuposa pa mphindi iliyonse. Ngati sensa yachedwa ndi mphindi 10, ikamanena 85 magazi angakhale ali kale pa 65 kapena pansi pake. Munthu n'kumati 85 ndi wabwino, n'kukwera njinga yamoto kupita kumsika.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti kamuvi kameneka kali pambali penipeni pa nambala, koma anthu sakaona. Tinazolowera zaka zambiri kulemba nambala imodzi m'kabuku n'kupita nayo kwa dokotala, ndiye maso amathamangira nambala basi. Ena mwafika potaya makina obayira chala, kapena mwasiya kugula timapepala take, mukuti n'todula. N'todula, inde, ndikudziwa. Koma tsiku limene thupi likunena zina, sensa ikunenanso zina, woweruza ndi magazi a chala.

Phindu lenileni la sensa silili mu nambala ya mphindi ino. Lili pa tsamba limene pa foni limalembedwa kuti Time in Range, kutanthauza gawo la tsiku limene shuga wakhala m'malire oyenera, pakati pa 70 ndi 180 mg/dL. Ngati yanu imawerenga mmol/L, malire ake ndi 3.9 mpaka 10.0. Akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2019 kuti akuluakulu ambiri azifuna kukhala m'malire amenewa kuposa magawo 70 pa 100 aliwonse, omwe ndi pafupifupi maola 17 pa tsiku. Pansi pa 70 mg/dL isafike magawo 4, omwe ndi ola limodzi, ndipo pansi pa 54 isafike gawo limodzi, lomwe ndi mphindi ngati 15. Amayi oyembekezera ndi okalamba ofooka ali ndi malire awoawo, amenewo afunse kuchipatala.

Bambo aja, pa masiku 14 amene sensa yawo inagwira ntchito, anali m'malire magawo 48 okha, ndipo magawo 7 anali pansi pa 70. Chodabwitsa n'chakuti kuyeza magazi kwa kuchipatala kosonyeza mmene shuga wayendera pa miyezi itatu sikunaoneke koipa kwenikweni, chifukwa kumaphatikiza zokwera ndi zotsika n'kupereka chapakati. Munthu amene amayenda pakati pa 55 ndi 290 angafanane pepala ndi amene amakhala pa 160 tsiku lonse, koma moyo wawo si umodzi. Ndinawauza kuti tisathamangire kukweza 48 uja, tiyambe tachepetsa 7, chifukwa mapiri ambiri a pa chithunzi chawo amayambira pa kutsika kwa m'mawa. Nkhani ya mlingo wa insulini pa masiku opalira ndinaitumiza kwa dokotala wawo, si yosintha nokha.

Zochita zake n'zochepa. Shuga akatsika pansi pa 70, imwani theka la botolo la 300 ml la chakumwa chotsekemera, kapena masipuni ang'ono anayi a shuga m'madzi. Ikani foni m'thumba, khalani pamthunzi mphindi 15, kenako bayani chala. Ngati akadali pansi pa 70, bwerezani mlingo womwewo. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Sensa yatsopano musaikhulupirire kwambiri tsiku loyamba. Ikalira usiku kuti shuga watsika koma inu muli bwinobwino, onani ngati simunagonere mkono umene ili, chifukwa kupanikiza kumaipangitsa kunena nambala yotsika yabodza. Bayani chala musanadye kanthu. Ndipo m'nyengo ya thukuta ino, pukutani khungu liume bwino musanaimate, apo ayi ikagwera m'mizere ya chimanga isanakwane ndi sabata.