Dayalisisi ya makina kapena ya m'mimba: yambani mwaona chipinda chanu ndi ulendo wa kumudzi

Abale a ku Dedza ndi Ntcheu amene muli ku Joni kapena ku Mangalande, adokotala akanena kuti impso zasiya ntchito, musangovomera mutu ngati muli pabwalo la amfumu. Njira za dayalisisi, kusefa magazi m'malo mwa impso, zilipo ziwiri ndipo moyo wake ndi wosiyana.

Himodayalisisi ndi ya makina: kuchipatala katatu pa sabata, maola ngati 4 ulendo uliwonse. Amalumikiza mitsempha ya pamkono, fisitula, yomwe imatenga milungu 6 kapena kuposerapo kuti ikhwime. Mkono umenewo asatengepo magazi, asayezepo kuthamanga kwa magazi. Zakumwa amakuyezerani, nthawi zambiri theka la lita kuphatikiza mlingo wa mkodzo umene mwataya pa tsiku. Kachewere wathu wa ku Tsangano uja, nthochi ndi tomato zili ndi potaziyamu wambiri, amene akachuluka amaimitsa mtima. Kachewereyo musende, muduledule, muwiritse m'madzi ambiri n'kutaya madziwo.

Ya m'mimba, ya peritoniyo, mumachita nokha kunyumba. Kapaipi kamakhala pamimba, mumathira malita 2 a madzi a mankhwala, pakapita maola 4 mpaka 6 mumakhetsera m'thumba n'kuthira ena, kanayi pa tsiku. Ena amalumikiza kamakina usiku akugona. Pa zakudya imamasula ndipo ntchito mumagwira, koma werengani: malita 240 pa mwezi, makatoni okhaokha. Ngati mukugona anthu asanu chipinda chimodzi, mpopi uli panja, musadzinamize. Madzi otuluka akachita mbuu, m'mimba mukupweteka, amenewo ndi majeremusi. Nyamulani thumbalo, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa mukaweruka.

Koma chondiwawa ine ndi ma ejenti. Kukagwa maliro kumudzi, amatulukira munthu wa mawu okoma kuti akupezerani malo pa makina ku Malawi, mungotumiza ndalama. Wodwala anasefedwa Lachisanu, wakwera basi Loweruka, masiku awiri pamsewu, wafika ku Lizulu miyendo itatupa, wapita kuchipatala, dzina lake palibe, foni ya ejenti yazima. Pofika Lachitatu akubanika, sakutha kugona chagada, madzi adzaza m'mapapo. Makina a boma ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ali ndi odwala awo kale. Malo sagulidwa kwa munthu wa pa WhatsApp. Chipatala chanu chilankhule ndi chipatala cha kuno, chitumize kalata ya adokotala ndi zotsatira za magazi za HIV ndi kutupa chiwindi, mulandire masiku olembedwa musanagule tikiti.

Wa m'mimba angayende, bola anyamule matumba okwanira masiku onse ndi ena apadera, ndi kalata yoonetsa pachipata cha Dedza kapena Mwanza. Osadalira kukawapeza kuno, ndipo osasinthira madzi m'nyumba ya siwa muli fumbi ndi anthu piringupiringu.